Mmene Mungalumikizire Zipangizo pa UART ndi Kuzindikira Chimene Chikusokoneza Zilembo

Zipangizo ziwiri zikamalankhulana pa UART, njira yotumizirana mabiti motsatizana pa waya, sizikhala ndi waya wa wotchi woziuza nthawi imene biti iliyonse yayamba ndi imene yatha. Chilichonse chimawerengera nthawi pachokha, modalira wotchi yakeyake, ndipo mavuto ambiri amene amaoneka pa sikirini ngati zilembo zopanda tanthauzo amayambira pamenepa. M'malangizo ano tigwiritsa ntchito Arduino Uno, yomwe ili ndi tchipu ya ATmega328P yoyendera wotchi ya 16 MHz, ndipo tilondola chilembo chimodzi chokha, `A`, kuyambira pamene chikutuluka pa pini mpaka pamene chikuwerengedwa mbali inayo, molondola kapena molakwika.

Gawo loyamba: lumikizani mawaya atatu

Mukamalumikiza zipangizo ziwiri mwachindunji, pini yotumizira, ya TX, ya chipangizo choyamba ipite ku pini yolandirira, ya RX, ya chachiwiri, ndipo RX ya choyamba ipite ku TX ya chachiwiri. Waya wachitatu ndi wa GND, womwe ndi ziro ya voliteji, ndipo musauiwale, chifukwa wolandira amayeza voliteji ya pa RX poyerekezera ndi GND yake. GND ikapanda kukhala imodzi, zimene akuwerengazo zimangoyendayenda ngakhale zina zonse zitatcheredwa bwino. Pa Uno, RX ndi pini 0 ndipo TX ndi pini 1. Mapini awiriwa ndi olumikizidwa kale ku tchipu ina yaing'ono ya pabolodi yomweyo, imene imasandutsa UART kukhala USB, choncho pa zoyeserera za m'munsimu chingwe cha USB chokha n'chokwanira.

Musanalumikize chipangizo chachilendo, onetsetsani voliteji yake. Uno imatulutsa mavoliti 5 pa TX, pamene zipangizo zambiri, monga ESP8266, zimayendera mavoliti 3.3, ndipo pamafunika chotsitsira voliteji pakati pake. Khomo la RS-232 la mapini 9, lomwe limapezeka pa makompyuta akale ndi pa makina a m'mafakitale, ndi nkhani inanso: voliteji yake imatha kufika mavoliti 15 mbali zonse ziwiri, ndiponso ndi yotembenuza, moti biti ya 1 imakhala voliteji ya pansi pa ziro. Kulumikiza khomo limeneli molunjika ku tchipu kukhoza kuiotcha, n'chifukwa chake pakati pamaikidwa tchipu yosintha voliteji ngati MAX232.

Gawo lachiwiri: gwirizanitsani liwiro

Liwiro la UART limayezedwa mu bodi, dzina lochokera kwa Émile Baudot, katswiri wa telegalafu wa ku France. Pa UART, bodi ndi chiwerengero cha mabiti amene amadutsa pa waya pa sekondi imodzi, kuphatikizapo mabiti amene sanyamula uthenga. Chimene muyenera kuwerengetsa msanga ndi kutalika kwa biti imodzi, komwe tikutcha T:

```
T = 1 / 9600   = 104.17 µs
T = 1 / 19200  =  52.08 µs
T = 1 / 115200 =   8.68 µs
```

Ndiye kuti pa 9600, wotumiza amasunga voliteji imodzi pa waya kwa mamaikulosekondi pafupifupi 104 asanapite ku biti yotsatira. Palibe chizindikiro chilichonse cholekanitsa biti ina ndi inzake. Mabiti asanu a 0 otsatizana amaoneka ngati mzere umodzi wautali wa voliteji yotsika, ndipo wolandira amadziwa kuti ndi asanu, osati anayi kapena khumi, pokhapokha ngati akuyeza ndi muyezo wofanana ndi wa wotumiza. Ikani pulogalamu iyi mu Uno:

```
void setup() {
  Serial.begin(9600, SERIAL_8N1);
}
void loop() {
  Serial.write('A');
  delay(500);
}
```

Kudikira kwa theka la sekondi n'kwadala, kuti chilembo chilichonse chiziima pachokha ndipo tithe kuona zimene zikuchichitikira popanda kusakanizika ndi chotsatira. Tsegulani Serial Monitor, zenera la mu pulogalamu ya Arduino ya pa kompyuta loonetsa zimene bolodi ikutumiza, sankhani 9600, ndipo muona `A` ikubwera kawiri pa sekondi.

Gawo lachitatu: dziwani mmene fulemu imamangidwira

Pamene palibe chotumiza, waya wa TX umakhala pa voliteji yokwera, kutanthauza 1. Wotumiza akafuna kutumiza baiti, amayamba wagwetsa waya ku 0 kwa nthawi ya biti imodzi, ndipo imeneyi ndi biti yoyambira. Kenako pamabwera mabiti a uthenga, kuyambira ndi biti yaing'ono kwambiri, ija timailemba kumapeto a kumanja, ndi kumalizira yaikulu. Pomaliza waya umabwerera ku 1 kwa biti imodzi kapena awiri, ndipo imeneyi ndi biti yotsekera. Zonsezi pamodzi ndiye fulemu imodzi. Mawu oti `8N1` akutanthauza mabiti 8 a uthenga, popanda pariti, ndi biti imodzi yotsekera, choncho baiti iliyonse imadya mabiti 10 pa waya. N'chifukwa chake 9600 imanyamula mabaiti 960 okha pa sekondi, osati 1200, ndipo 115200 imanyamula mabaiti 11520.

Chilembo `A` mu ASCII ndi `0x41`, kapena `01000001`. Popeza biti yaing'ono ndi imene imatsogola, pa waya chimaoneka chonchi:

```
0   1 0 0 0 0 0 1 0   1
```

Ziro woyambayo ndi biti yoyambira, asanu ndi atatu a pakatiwo ndi `0x41` yowerengedwa chobwerera, ndipo 1 womalizayo ndi biti yotsekera. Anthu ambiri amene akuyang'ana UART pa osilosikopu koyamba amaganiza kuti baiti yalakwika, koma vuto limangokhala lakuti akuiwerenga kuchokera kumanzere ngati mmene imalembedwera papepala.

Wolandira naye amachita motere. Amayang'ana waya wa RX pafupipafupi, nthawi zambiri maulendo 16 pa nthawi ya biti imodzi, kudikira kuti voliteji igwe kuchoka pa 1 kupita pa 0. Ikagwa, amadikira theka la biti n'kuyang'ananso kuti atsimikize kuti ikadali pa 0. Ngati yabwerera kale ku 1, amaona kuti linali phokoso chabe, ndipo amayambiranso kudikira. Ngati ikadali pa 0, amawerenga waya pakadutsa nthawi ya biti imodzi iliyonse, moti kuwerenga kulikonse kumagwera pakatikati pa biti, pamene voliteji yakhazikika. Ndiye kuti amawerenga biti yoyamba ya uthenga pa 1.5 T, yachiwiri pa 2.5 T, yomaliza pa 8.5 T, ndipo yotsekera pa 9.5 T. Zili ngati oimba kwaya amene wotsogolera wawaombera m'manja kamodzi kokha poyamba, kenako aliyense akuwerengera yekha mumtima: pa mzere waufupi amayendera limodzi, koma mzere ukatalika amayamba kusiyana. Biti yotsekera imabwezera waya ku 1 kuti baiti yotsatira ikhale ndi kugwa kwake kwatsopano, ndipo kusiyana konse kwa mawotchi kumene kunaunjikana kumafufutika pa baiti iliyonse.

Wolandira akapeza 0 pamalo pamene amayembekezera biti yotsekera, amalemba kuti fulemu yalakwika. Mu ATmega328P chizindikiro chimenechi ndi biti ya `FE0` mu rejisita ya `UCSR0A`. Mapulogalamu ambiri saiyang'ana n'komwe biti imeneyi, amangopereka baitiyo ngati kuti ili bwinobwino, ndipo umu ndi mmene zinyalala zimafikira pa sikirini.

Gawo lachinayi: sankhani pariti mofanana mbali zonse

Pariti ndi biti imodzi yoonjezera, imene imaikidwa pakati pa biti yomaliza ya uthenga ndi biti yotsekera. Mukasankha `E`, wotumiza amawerenga ma 1 onse a mu uthenga n'kuika biti ya pariti yoti chiwerengero chonse chigawike ndi 2 popanda chotsala. Mukasankha `O`, amaika yoti patsale 1. Chilembo `A` chili ndi ma 1 awiri, choncho pa `E` pariti yake ndi 0. Chilembo `C`, chomwe ndi `0x43` kapena `01000011`, chili ndi ma 1 atatu, choncho pariti yake ndi 1. Wolandira amawerengetsanso yekha, ndipo zikasiyana amadzutsa chizindikiro, chomwe mu ATmega328P ndi `UPE0`.

Mphamvu ya pariti ndi yochepa ndithu. Imagwira biti imodzi ikatembenuka, koma awiri akatembenuka limodzi chiwerengero chimaonekabe cholondola ndipo cholakwacho chimadutsa. Siuzanso kuti ndi biti iti yalakwika, motero siingakonze kanthu. Pa waya waufupi wa patebulo `8N1` ndi yokwanira, ndipo ngati uthenga ndi wofunika kwambiri ndi bwino kuuteteza ndi CRC, nambala yowerengetsedwa pa uthenga wonse yoti wolandira azindikirire zolakwika. Komabe pariti muidziwe chifukwa zipangizo zina zimaifuna: Modbus RTU, mwachitsanzo, imayambira pa `8E1`, ndipo zipangizo zina zakale zimagwiritsa ntchito `7E1`.

Kusiyana kwa pariti kumasiya chizindikiro chosavuta kuchizindikira. Sinthani pulogalamu ija kuti iyambe ndi `Serial.begin(9600, SERIAL_7E1)` ndipo izitumiza `A` ndi `C` mosinthana, koma kompyuta ikhalebe pa `8N1`. Mafulemu onse awiri ali ndi mabiti 10, choncho palibe fulemu imene iwoneke yolakwika. Kungoti kompyuta itenga biti ya pariti ngati biti yachisanu ndi chitatu ya uthenga. Chilembo `A` chifika bwino ngati `0x41` chifukwa pariti yake ndi 0, koma `C` chisanduka `0xC3`. Mukaona mawu amene zilembo zina zikuwerengeka ndipo zina, zomwezomwezo nthawi zonse, zikusanduka zachilendo, liwiro lilibe mlandu. Yang'anani pariti ndi chiwerengero cha mabiti.

Gawo lachisanu: sokonezani liwiro mwadala, muone zimene zikuchitika

Bwezerani pulogalamu pa `SERIAL_8N1` ndi chilembo `A` chokha. Serial Monitor imabisa zambiri, chifukwa baiti imene ilibe chilembo chodziwika imaionetsa ngati kabokosi kapena chizindikiro cha funso, ndipo ina siionetsa n'komwe. Ndi bwino kuona manambala enieniwo. Pa Linux, mutatseka Serial Monitor, lembani:

```
stty -F /dev/ttyACM0 19200 cs8 -parenb -cstopb raw
xxd -c 2 /dev/ttyACM0
```

Tsopano Uno ikutumiza pa 9600 pamene wolandira akumvetsera pa 19200, kutanthauza kuti biti iliyonse ya wotumiza ikutenga malo a mabiti awiri a wolandira. Tikalemba fulemu ya `A` m'muyezo wa wolandira, biti iliyonse ilembedwa kawiri:

```
00 11 00 00 00 00 00 11 00 11
```

Wolandira aona kugwa koyamba n'kutenga 0 woyamba ngati biti yoyambira. Mabiti asanu ndi atatu otsatira amene awerenge ndi 0, 1, 1, 0, 0, 0, 0, 0. Woyamba mwa amenewa ndi theka lachiwiri la biti yoyambira ija, ma 1 awiriwo ndi biti imodzi yokha ya wotumiza yowerengedwa kawiri, ndipo otsalawo ndi mbali ya mzere wautali wa ma 0. Tikawasanja kuyambira biti yaing'ono tipeza `00000110`, yomwe ndi `0x06`. Pamalo a biti yotsekera apezapo 0, choncho fulemu ndi yolakwika, komabe baitiyo iperekedwa.

Apa wotumiza angofika theka la chilembo chake. Waya ukhalabe pa 0 kwa kanthawi, ukwera pa `11` wachiwiri, kenako ugwanso pa biti yomaliza ya uthenga, ndipo wolandira atenga kugwa kumeneku ngati chiyambi cha baiti yatsopano. Awerenga 0 mmodzi, kenako ma 1 okhaokha, chifukwa biti yotsekera yafika ndipo waya wangokhala pa 1. Zotsatira zake ndi `11111110`, yomwe ndi `0xFE`, ndipo ulendo uno fulemu ioneka yabwinobwino. Chotero `A` mmodzi wabala mabaiti awiri, `06` ndi `fe`, ndipo palibe ngakhale imodzi yofanana naye. Baiti yachiwiriyi imadalira tchipu yolandira, chifukwa matchipu ena akapeza fulemu yolakwika amatenga 0 yemweyo ngati biti yoyambira yatsopano osadikira kuti waya ukwere kaye, koma pa tchipu imodzimodziyo zotsatira zimakhala zofanana ulendo uliwonse. Mfundo imeneyi ndi yothandiza pofufuza: zinyalala za liwiro losiyana zimabwereza ndendende uthenga ukabwerezedwa, pamene zinyalala za phokoso kapena za GND yosalumikizidwa zimasinthasintha.

Mukakweza liwiro la wolandira kufika pa 115200, biti imodzi ya wotumiza ikhala yotalika ngati mabiti 12 a wolandira, kuposa fulemu yonse. Kugwa kulikonse kwa waya kubala baiti ya `0x00` yokhala ndi fulemu yolakwika, ndipo popeza `0x00` siioneka pa sikirini, munthu akhoza kuganiza kuti palibe chikubwera. Zinthu zikatembenuka, wotumiza ali pa 115200 ndipo wolandira pa 9600, fulemu yonse imatha m'mamaikulosekondi 87, biti imodzi ya wolandira isanathe n'komwe. Zilembo zambiri zimangosowa, ndipo zolandiridwazo zimakhala zochepa kwambiri poyerekeza ndi zotumizidwa. Choncho kungowerenga mabaiti kumakuuzani kolowera: akafika ambiri kuposa otumizidwa, tsitsani liwiro la wolandira, akafika ochepa kwambiri, likwezeni.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: werengetsani kusiyana kwakung'ono

Vuto lovutitsa kwambiri ndi limene limabwera mbali zonse ziwiri zitalembedwa nambala yofanana. Wolandira amawerenga biti yotsekera pa 9.5 T, ndipo ali ndi mpata wa theka la biti basi asanagwere m'biti yoyandikana nayo. Theka kugawa ndi 9.5 ndi maperesenti pafupifupi 5.3, ndipo amenewa ndi malire a kusiyana kwa mbali zonse ziwiri pamodzi, waya uli wangwiro. Pochotsapo kuchedwa kozindikira kugwa koyamba ndi kupendekeka kwa m'mphepete mwa mabiti, ndi nzeru kuonetsetsa kuti mbali iliyonse isapitirire maperesenti 2. Fulemu yokhala ndi pariti ndi yotalikirapo, choncho mpata wake ndi wocheperapo.

Tiyerekeze kuti wotumiza akufulumira ndi maperesenti 6. Pamene wolandira akuwerenga biti yachisanu ndi chiwiri pa 7.5 T, wotumiza ali pa 7.5 × 1.06 = 7.95, ndiye kuti akadali m'biti yoyenera, ngakhale ali m'mphepete penipeni. Koma pa 8.5 T wotumiza ali pa 9.01, watsiriza kale uthenga ndipo walowa m'biti yotsekera, yomwe ndi 1. Chilembo `A` chifika ngati `0xC1` m'malo mwa `0x41`. Mabiti oyambirira amakhala olondola ndipo omalizira ndi amene amayamba kuwonongeka, chifukwa kusiyanako kumakula biti ndi biti. Izi zikufanana ndi vuto la pariti lija, koma pali posiyanitsira: pano zilembo zonse zimalandira biti yaikulu ya 1, kapena zimalakwika mwa apo ndi apo ngati kusiyana kuli pamalire, pamene pa pariti ndi zilembo zina zokha, zodziwika.

Kusiyana kotereku kumachokera ku masamu a wotchi. ATmega328P imapeza liwiro pogawa wotchi yake, `F_CPU`, molingana ndi nambala yathunthu yolembedwa mu rejisita ya `UBRR0`, ndipo biti ya `U2X0` ndiyo imasankha imodzi mwa njira ziwiri izi:

```
UBRR0 = F_CPU / (16 × BAUD) − 1      U2X0 = 0
UBRR0 = F_CPU / (8 × BAUD) − 1       U2X0 = 1
```

Pa 16 MHz ndi 9600, njira yoyambayo ikupereka 103.17, yomwe imasanduka 103, ndipo liwiro lenileni ndi 9615, kupitirira ndi maperesenti 0.2 okha. Pa 115200 zinthu sizili bwino chotero. Njira yoyamba ikupereka 7.68, tikaika 8, liwiro ndi 111111, lotsika ndi maperesenti 3.5. Njira yachiwiri ikupereka 16.36, tikaika 16, liwiro ndi 117647, lokwera ndi maperesenti 2.1, ndipo imeneyi ndi imene Arduino imasankha. Uno ikamalankhula ndi chipangizo cha wotchi yolondola zimayenda, koma ikakumana ndi china chimene chikuchedwa ndi maperesenti awiri kapena atatu, mpata wonse watha. Pa wotchi ya 16 MHz ine ndimasankha 38400 ngati chipangizo chinacho chikulola, chifukwa kusiyana kwake ndi maperesenti 0.2 ngati pa 9600. Ichi ndi chifukwa chakenso mumapeza makirisitolo a manambala ooneka achilendo monga 11.0592 MHz ndi 14.7456 MHz: amagawika ndendende ku 9600 ndi 115200 popanda chotsala. Tchipu yoyendera wotchi ya mkati mwake, yopanda kirisitolo, imasintha liwiro ndi kutentha ndiponso voliteji, ndipo ikhoza kulankhula bwino m'mawa n'kuyamba kusokoneza masana bokosi likatentha.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: pezani liwiro la chipangizo chosadziwika

Yambani ndi kuyesa pachokha chosandutsira chanu cha UART kukhala USB, chimene mulumikizire chipangizocho ku kompyuta: lumikizani TX yake ku RX yake yomwe, n'kulemba zilembo mu pulogalamu ya teminolo. Zikabwerera, chosandutsiracho ndi chamoyo. Dziwani kuti kuyesa kumeneku sikunena kanthu za liwiro, popeza wotumiza ndi wolandira akugwiritsa ntchito wotchi imodzi. Bolodi zolankhula ndi USB mwachindunji, monga Arduino Leonardo, nazonso sizisamala nambala imene mwasankha mu Serial Monitor pa `Serial`, choncho zoyeserera za m'mwambamu sizingaoneke pa izo.

Ngati muli ndi osilosikopu kapena chipangizo choonetsera mabiti, igwirizeni pa TX ya chipangizocho, pezani kachidutswa kafupi kwambiri pa uthenga wonse, kayezeni, ndipo mugawe 1 ndi nthawiyo. Mamaikulosekondi 104 ndi 9600, 26 ndi 38400, ndipo 8.7 ndi 115200. Ngati mungathe kulamula chipangizocho, chitumizitseni chilembo `U` mosalekeza. Chilembochi ndi `0x55`, ndipo pa `8N1` chimapanga 0 ndi 1 mosinthana kuyambira biti yoyambira mpaka yotsekera, moti waya umagwedezeka pa theka la liwiro: mahezi 4800 pa 9600. Ngakhale malitimita yoyeza mahezi ikhoza kukuonetsani nambala imeneyi, ndipo mukaichulukitsa ndi 2 mwapeza liwiro lenileni, osati longolembedwa mu pulogalamu.

Popanda zida zimenezi, yesani manambala ozolowereka motsatana pa `8N1`: 9600, 115200, 19200, 38400, 57600, kenako 4800, yomwe ndi liwiro la muyezo wa NMEA 0183 wa zipangizo za GPS. Mukasintha liwiro, zimitsani chipangizocho n'kuchiyatsanso, chifukwa zambiri zimalankhula poyaka pokha. Kumbukiraninso kuti chipangizo chimodzi chikhoza kugwiritsa ntchito maliwiro awiri. ESP8266 yokhala ndi kirisitolo wa 26 MHz imatulutsa uthenga wake woyamba pa 74880, chifukwa pulogalamu yake yoyambira imawerengetsa 115200 poganiza kuti kirisitolo ndi wa 40 MHz, ndipo 115200 × 26 / 40 ndi 74880. Mzere wa zinyalala umene umaoneka poyaka, kenako mawu n'kuyamba kuwerengeka bwino, si vuto la mawaya. Tcherani teminolo pa 74880, yatsaninso chipangizocho, ndipo mzere uja uwerengeka, woyamba ndi `ets` ndi kutchula `rst cause` ndi `boot mode`.